Kodi namwino adzipereke mpaka pati?

Chaka chilichonse pa 12 Meyi, tsiku la anamwino padziko lonse, mlendo wolemekezeka amaimirira pamsonkhano n'kunena kuti unamwino si ntchito wamba koma maitanidwe. Anthu amaomba m'manja, ena amalulutira. Ine sinditsutsa mawuwo, chifukwa ndikudziwa anamwino ndi azamba amene ntchito yawo ndi maitanidwe enieni. Chimene chimandiwawa ndi nthawi ina imene mawu omwewa amatulukira. Amatuluka namwino akafunsa za ndalama ya lokamu, yolipirira maola owonjezera, imene yatha miyezi isanabwere. Amatuluka akapempha tchuthi chimene lamulo linamupatsa kale. Pamenepo abwana amausa moyo n'kunena kuti, "Asisita, paja ntchito inoyi ndi ya maitanidwe, walira mvula walira matope." Nkhani imathera pomwepo, namwino amabwerera kuwodi atanyamula manyazi ngati wapempha chinthu chosayenera.

Maganizo anga ndi akuti munthu asanavomere kutaya chilichonse chifukwa cha ntchito, kaya tulo, kaya ndalama, kaya zaka zokhala ndi ana ake, ayambe wadzifunsa kuti chimene chikupemphedwacho chikupita kwa yani ndipo chidzabwezedwa motani. Pali kudzipereka kumene kumapita kwa wolemba ntchito, ndipo kumeneko kuyenera kulipiridwa. Pali kumene kumapita kwa iwe mwini wam'tsogolo, pofuna kukwera pantchito, ndipo kumeneko kuyenera kukhala ndi tsiku lothera. Pali kumene kumapita kwa wodwala ali pamaso pako, ndipo kumeneko kokha ndiye kwa maitanidwe. Tikazisakaniza zitatuzi, amene amapindula ndi wolemba ntchito, pomwe wodwala ndi namwino onse amaluza.

Kusiyanitsa kotereku sikunayambe ndi ine. Mu 1997 Amy Wrzesniewski ndi anzake ku America anafunsa anthu ogwira ntchito pafupifupi 200 mmene amaionera ntchito yawo. Ena ankaiona ngati pongopezera malipiro, moyo wawo weniweni uli kwina. Ena ankaiona ngati njira yokwerera maudindo. Ena ankaiona ngati chinthu chimene anabadwira, choti akanachitabe ngakhale ndalama akanakhala nazo kale. Chimene chinandigwira mtima m'kafukufukuyu n'chakuti pakati pa alembi a muofesi, anthu a ntchito imodzi ndi malipiro ofanana, magulu atatuwa anapezeka pafupifupi mofanana. Ndiye kuti dzina la ntchito silikuuza chilichonse. Si namwino aliyense ali ndi maitanidwe, ndipo amene alibe sanalakwe, malinga akugwira ntchito yake bwino. Ndiwonjezerepo kuti ngakhale mwa munthu mmodzi, m'sabata imodzi, zitatuzi zimapezeka zonse.

Tiyerekeze mzamba wa dipuloma amene anaphunzira zaka zitatu pa imodzi mwa makoleji a mipingo a pansi pa CHAM. Ali pachipatala chaching'ono chakumudzi, mtunda wa makilomita 40 kuchokera kuchipatala chachikulu cha boma lake, msewu wake wafumbi. Pamalopo azamba alipo awiri, ndipo mnzake wapita kusukulu. Nyumba yake ili kuseri kwa chipatala, moti aliyense m'deralo amadziwa zenera loti agogode. Ali ndi mwana mmodzi wa sitandade 2. Mwezi umodzi womwewo wakumana ndi zopempha zitatu, ndipo chilichonse chabwera ndi mawu oti kudzipereka.

Choyamba chabwera usiku wa tsiku limene sali pantchito. Mlonda wagogoda, akuti mayi amene wachira madzulo akutaya magazi. Mzamba akafika amapeza chitenje chanyowa, chiberekero chili lendelende m'malo molimba ngati mpira pansi pa mchombo, mayi wayamba kuona chizungulire. Amadziwa kuti magazi akapitirira theka la lita pambuyo pochira ndi ngozi, ndipo mayi wotere angathe kutisiya m'maola awiri okha. Amatikita chiberekero, amabaya okisitosini wolimbitsa chiberekero, amaika diripi, amachotsa mkodzo, amayang'ana ngati nsengwa inatuluka yonse kapena pang'ambika penapake, uku wina akuimbira ambulansi imene mwina ilibe mafuta. Apa palibe chowerengera maola. Mzamba amene angatembenukire kukhoma n'kunena kuti lero si tsiku langa, ine ndingamuuze kuti asiye ntchitoyi. Kudzuka kumeneku sikukupita kwa bwana aliyense. Kukupita kwa mayi amene palibenso wina womuthandiza pamtunda wa makilomita 40, ndipo ndi chinthu cha usiku umodzi, chokhala ndi chiyambi ndi mathero.

Chachiwiri chabwera pafoni kuchokera kwa ametironi, mkulu woyang'anira anamwino. Akuti popeza mnzake kulibe, agwire yekha usana ndi usiku kwa miyezi itatu, wina akapezeka adzatumizidwa, ndipo za lokamu zidzaonedwa. Pempholi limamveka ngati lofanana ndi loyamba, chifukwa amayi odzachira m'miyezi itatuyo nawonso ndi anthu, nawonso akhoza kutaya magazi. Koma si lofanana ayi. Ngozi ya usiku uja palibe anaikonza. Mpata wa miyezi itatuwu unadziwika kale tsiku limene mnzake analandira kalata ya sukulu, ndipo panali anthu olipidwa kuti autseke. Chimene chikupemphedwa apa n'chakuti munthu mmodzi agwire ntchito ya anthu awiri kuti ofesi isavutike kupeza wachiwiri. Imeneyi ndi ntchito ya malipiro, ndipo muyezo wake unalembedwa kale.

Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limanena kuti maola a ntchito asapitirire 48 pasabata, ndipo munthu asagwire masiku opitirira asanu ndi limodzi otsatizana osapuma tsiku lathunthu. Maola owonjezera pa tsiku wamba amalipiridwa kamodzi ndi theka, a tsiku lopuma kapena la holide amalipiridwa kawiri. Tiyeni tiwerengere, ndipo malipirowa ndangowasankha kuti masamu aoneke bwino. Tinene kuti mzamba amalandira K400,000 pamwezi. Maola 48 pasabata amakwana pafupifupi 208 pamwezi, ndiye kuti ola lake limodzi ndi K1,923. Ngati kusowa kwa mnzake kukumuwonjezera maola 20 pasabata, ndipo pachipatala cha mzamba mmodzi angathe kupitirira apa, pa muyezo wa kamodzi ndi theka ndalamayo imakwana K250,000 pamwezi. Pa miyezi itatu ndi K750,000. Ndikudziwa kuti m'zipatala za boma maola otere amalipiridwa kudzera mu lokamu, pa mitengo yakeyake imene sifika pamenepa. Komabe ndikufuna namwino aliyense achite masamu amenewa kamodzi, pa malipiro ake enieni, kuti aone kukula kwa mphatso imene akupemphedwa kupereka ndi amene akuilandira. Mayi wakumudzi salandirapo tambala pa K750,000 imeneyo. Imatsala m'thumba la wolemba ntchito.

Sindikunena kuti akane. Kumudzi kukana kotere kungatanthauze kutseka chipinda chochilira, ndipo mzamba wathuyu sangagone nazo tulo. Ndikunena kuti avomere monga wantchito, osati monga woitanidwa. Wantchito amapempha kuti pempholo libwere m'kalata. Amafunsa tsiku limene miyezi itatuyo ithere ndi chimene chidzachitike wina akapanda kubwera. Amalemba m'buku lake tsiku lililonse ola limene wayamba ndi limene waweruka, woyang'anira chipatala n'kusainira sabata iliyonse, ndipo mafomu a lokamu amawatumiza mwezi ndi mwezi atasunga kope yake. Amapemphanso kuti pasabata pakhale tsiku limodzi loti mzamba wina abwere kuchokera kuboma kudzamupumitsa. Zimenezi sizichepetsa chikondi chake pa odwala ngakhale pang'ono. Zimangochititsa kuti mpatawo uoneke pamapepala a anthu amene ali ndi mphamvu youtseka. Chipatala chimene mzamba mmodzi akuchiyendetsa mwakachetechete chimaoneka kuofesi ngati chipatala chopanda vuto, ndipo wachiwiri amatumizidwa kumene kukumveka phokoso.

Pali umboni woti anthu a maitanidwe ndiwo savuta kuwadyera masuku pamutu. Mu 2009 Stuart Bunderson ndi Jeffery Thompson anafalitsa kafukufuku wa anthu osamalira nyama m'malo osungira nyama zakutchire ku America, ntchito ya malipiro ochepa, yokolopa ndowe tsiku ndi tsiku, imene ambiri amaigwira ali ndi madigiri. Anapeza kuti amene ankamva kwambiri kuti anabadwira ntchitoyo ndiwo ankaipeza yatanthauzo kwambiri, komanso ndi omwewo amene anali okonzeka kutaya malipiro ndi nthawi yawo, ndipo ankaiona ngati udindo umene sangauthawe. Ena mwa iwo ananena kuti sangauze abwana awo kuti ntchitoyi angaigwire ngakhale mwaulere, poopa kuti abwanawo angatengerepo mwayi. Anthu amenewa anazindikira chinthu chimene anamwino athu ambiri amachizindikira mochedwa, chakuti wolemba ntchito akadziwa kuti sungachoke, safulumira kukonza chilichonse.

Mbiri yathu yomwe imasonyeza kuti maitanidwe okha sasunga anamwino m'wodi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino ambiri, makamaka a madigiri, anachoka m'zipatala za boma, ena kupita ku Britain, ena kumabungwe omwe si aboma. Nthawi imeneyo Edzi inali itadzaza mawodi, ndipo otsalawo ankagwira ntchito ya anthu angapo. Maulaliki a pa 12 Meyi analipo nthawi yonseyo. Chimene chinathandiza ndi ndondomeko yapadera imene boma linayamba mu 2004 mothandizidwa ndi abwenzi akunja, imene inawonjezera malipiro a magulu 11 a ogwira ntchito zachipatala ndi 52 pa 100 iliyonse, n'kukulitsanso makoleji ophunzitsira. Boma lenilenilo linavomereza pamenepo kuti mbali ina ya unamwino ndi ntchito ya malipiro, ndipo mbali imeneyo imakonzedwa ndi ndalama. Chimodzimodzi mu Epulo 2020, matenda a korona atangofika, anamwino ndi madokotala m'zipatala zikuluzikulu anaika zida pansi pofuna zodzitetezera ndi alawansi ya chiopsezo yoyenera. Ena anawanyoza kuti aiwala lumbiro lawo. Ine ndimaona kuti anasiyanitsa bwino. Kulowa m'wodi ya matenda opatsirana ndi maitanidwe, koma kulowamo wopanda magolovesi ndi chophimba kukamwa ndi kulipira ndi thupi lako ngongole ya munthu wina amene sanagule katundu.

Tibwerere kwa mzamba uja, pakuti pempho lachitatu likuchokera mumtima mwake. Akufuna kubwerera kusukulu kukatenga digiri kuti akhale namwino wa giredi yapamwamba, kaya ku yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza koleji ya anamwino ndi ya madokotala, kaya ku yunivesite ina. Mtengo wake ndi waukulu. Kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo mwana akakhala kwa agogo ake, ndalama ya lokamu iima, fizi ifunika, ndipo ngati wolemba ntchito amulola kupita akulandirabe malipiro, adzasainira kuti akabwerako adzagwira zaka zakutizakuti asanachoke. Apa ndi pamene ndimavomereza kudzipereka kwakukulu kuposa pena paliponse, ndipo mwina ena adabwa nazo. Chifukwa chake n'chakuti kudzipereka kumeneku kuli ndi tsiku lothera lodziwika, ndipo kumapeto kwake kuli pepala limene bungwe loona za anamwino ndi azamba limalizindikira, pepala loti palibe bwana angamulande. Wina akadzamuchotsa ntchito, digiriyo ipita naye.

Koma pali kudzipereka kwina kumene kumavala zovala zomwezi pomwe kumapeto kwake kulibe kanthu. Ndikunena za mnyamata kapena mtsikana amene wamaliza maphunziro a unamwino, boma silinamulembe, ndiye akugwira pachipatala china mongodzipereka kapena pa kandalama kongogulira sopo, atauzidwa kuti mipata ikatuluka adzayamba kuganiziridwa ndi iyeyo. Ndikunenanso za namwino amene wakhala akugwirizira udindo wa mkulu wa wodi kwa zaka, ntchito yonse ili pamutu pake, koma kalata yomukweza kulibe ndipo malipiro ndi akale omwe aja. Onsewa amadziuza kuti akumanga tsogolo. Njira yodziwira ngati akulimangadi ndi yapafupi. Afunse kuti mwa amene anadutsa njira yomweyi pamalo omwewa zaka zitatu zapitazi, ndi angati analembedwa kapena kukwezedwa, ndipo awatchule maina. Afunsenso ngati amene akulonjezayo ndi amene ali ndi mphamvu yolemba ntchito, chifukwa m'boma wolonjeza kuwodi kawirikawiri si amene amakhala pa mayeso olembera anthu. Akapeza kuti palibe dzina ngakhale limodzi, akumbukire kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Kugwira mongodzipereka miyezi isanu ndi umodzi kuti manja asaiwale kuika diripi ndiponso kuti upeze wokulembera kalata ya umboni n'kwanzeru. Kupitiriza chaka chachiwiri popanda pepala lililonse ndi kugwira ntchito ya malipiro yopanda malipiro. Munthu adziikire yekha tsiku losiyira asanayambe, aliuze ndi m'bale wake amene angadzamukumbutse, chifukwa akalowa mkati mwezi uliwonse umaoneka ngati womaliza.

Palinso china chimene chiyenera kulowa m'masamu a zaka zodikirazi. Amene walembedwa ntchito mwalamulo, wolemba ntchito amamuikira 10 pa 100 iliyonse ya malipiro ake kuthumba la penshoni, iye n'kuikapo 5. Wongodzipereka alibe zimenezo. Chaka chilichonse chodikira chimadya malipiro a lero ndi chakudya cha ukalamba nthawi imodzi. Ndipo lonjezo la ndalama likachedwa m'dziko muno limafika litafota. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, moti amene ankadikira ndalama yake ya lokamu kudutsa miyezi imeneyo anailandira isakugulanso zimene ikanagula.

Tsopano pali funso lovuta kwambiri, loti kodi maitanidwe enieniwo ali ndi malire. Ambiri amaganiza kuti alibe, kuti woitanidwa amapereka mpaka atatheratu. Ine ndikuti ali nawo, ndipo malire oyamba amaikidwa ndi wodwala mwiniwakeyo. Mu 1997 akatswiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anasonyeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 manja ndi maso ake amachedwa ngati a munthu amene wamwako mowa, ndipo akafika maola 24 amafanana ndi munthu amene malamulo a pamsewu sangamulole kuyendetsa galimoto. Kafukufuku wina wa anamwino a m'zipatala za ku America, wa mu 2004, anapeza kuti ogwira maola 12 ndi theka kapena kuposerapo ankalakwitsa pafupifupi katatu kuposa ogwira maola ochepa. Palibe mayi amene angavomere kuchiritsidwa ndi mzamba wonunkha mowa, koma tonse timayamikira mzamba amene sanagone masiku awiri.

Kutopa kotere kumaonekera pa zinthu zing'onozing'ono zimene mzamba aliyense amazidziwa. Mayi akakhala pa matenda, mtima wa mwana umayenera kumvetseredwa mphindi 30 zilizonse, ndipo njira imayezedwa maola anayi aliwonse, zonse n'kumalembedwa pa pepala lotsatira mmene matenda akuyendera. Mzamba wotopa amayamba kudumpha, kenako amadzaza pepalalo nthawi imodzi mwana atabadwa kale, ndiye kuti pepala limene linayenera kumuchenjeza kuti matenda aima langokhala lokondweretsa oyendera. Amawerenga botolo la mankhwala kawiri osamvetsa chimene wawerenga. Mayi akalira ndi ululu, m'malo mwa chifundo amamva mkwiyo, ndipo pakamwa pake pamatuluka mawu amene zaka zitatu zapitazo akanadzudzula nawo mnzake. Anthu akamadandaula pawailesi kuti anamwino ndi amwano, amafulumira kunena kuti analowa ntchitoyi chifukwa cha ndalama. Ena alipodi otero. Koma ambiri amene ndawaona atauma mtima anayamba ali anthu a maitanidwe, ndipo anavomera pempho lililonse mpaka chimene anali nacho chopatsa odwala chinatha. Mzamba wathu uja akaona zizindikiro zimenezi mwa iye yekha, kupempha womupumitsa sikukhalanso nkhani ya ufulu wake. Ndi udindo wake kwa mayi amene abwere mawa.

Malire achiwiri ndi akuti munthu sangapereke nsembe chinthu chimene si chake yekha. Tulo take ndi take. Koma fizi ya mwana, nthawi imene mwana wa sitandade 2 amafuna mayi ake madzulo, mtendere wa banja, chithandizo cha makolo okalamba, zimenezi zili ndi eni ake ena amene sanaitanidwe ndi aliyense ndipo sanafunsidwe. Kwa ife amene timapemphera, ndi bwino kukumbukira kuti malemba omwe amatiphunzitsa kudzipereka amanenanso, pa Luka 10 ndi pa 1 Timoteo 5, kuti wantchito ayenera malipiro ake, ndipo chaputala chomwecho cha Timoteo chimadzudzula kwambiri munthu wosasamalira a pabanja pake. Paulo yemwe ankasoka mahema kuti adye, osasokoneza chimene chinkamudyetsa ndi chimene anaitanidwira. Choncho namwino akafuna kuvomera chinthu chachikulu, monga kukhalabe kumudzi zaka zina zisanu pomwe mwayi wosamukira kutauni unapezeka, nkhaniyo ikambidwe pakhomo, mwamuna kapena mkazi wake anenepo, ndipo a pabanjapo akhale ndi mphamvu yonena kuti pano pakwana. Akagwirizana, kudzipereka kumeneko n'kwaulemu ndipo ine ndimakugwadira. Akangouzidwa zitatha kale, iwowo ndiwo apereka, dzina labwino n'kupita kwa wina.

Wina anganditsutse kuti dziko lathu ndi losauka, anamwino ndi ochepa, ndipo aliyense akayamba kuwerenga maola zipatala za kumidzi zigwa. Anganenenso kuti pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700, kapena namondwe Freddy atagumula midzi mu Malichi 2023, anthu anapulumuka chifukwa cha ogwira ntchito amene sanayang'ane wotchi. N'zoona, ndipo sindikufuna dziko limene namwino angatulutse buku la maola mtembo uli pakhomo. Koma taonani kuti zitsanzo zonsezi ndi za ngozi, zofanana ndi kugogoda kwa usiku kuja. Mphamvu yoti munthu agwire masiku atatu osagona pa nthawi ya mliri imachokera ku miyezi imene anagona mokwanira. Tikamugwiritsa ntchito chaka chonse ngati kuli mliri, mliri weniweni udzamupeza atatha kale kapena atapita kunja. Ndipo umphawi wa dziko si chifukwa choti msonkho wapadera ugwere anthu a mtima wabwino okha. Ngati ndalama yolembera mzamba wachiwiri palibe, zinenedwe poyera, aphungu azimve, komiti ya chipatala ndi mafumu adziwe kuti pano pali munthu mmodzi yekha ndipo masiku akutiakuti sadzakhalapo. Kubisa kusowako pamsana pa mzamba kumachititsa kuti kusadzakonzedwe.

Wina anganenenso kuti kugawa moyo wa ntchito m'zigawo chonchi kumapha chimwemwe chake, kuti munthu wokonda ntchito yake safunsa kuti ichi chikupita kwa yani. Ine ndaona zosiyana. Amene amakhalitsa m'ntchitoyi ali ndi nkhope yowala ndi aja amene amadziwa kunena kuti, "Amayi metironi, usiku uno ndibwera chifukwa palibe wina, koma za mwezi wamawa tikhale pansi." Sasunga chakukhosi chifukwa palibe chimene chalandidwa kwa iwo mwachinyengo. Chimene apereka mwaulere achipereka akudziwa, kwa munthu amene asankha kumupatsa.

Kwa mzamba wathu uja, ndiye kuti mayankho ake atatu sakhala ofanana. Mlonda akagogoda adzuka, lero ndi mawa lomwe, osafunsa za ndalama. Kwa ametironi alemba kalata yovomera miyezi itatu, yotchula tsiku lothera, tsiku lopuma pasabata ndi mafomu a lokamu, kope ina n'kupita kwa nthumwi ya bungwe la anamwino m'boma lake, ndipo tsikulo likakwana wina asanabwere alembanso kunena maola amene angathe kugwira popanda kuika odwala pangozi. Za sukulu akambirana ndi amayi ake amene adzasunge mwana, awerenga zaka zimene asainire asanagwire cholembera, ndipo afunsa anzake awiri kapena atatu amene anatenga digiri yomweyo ngati giredi yawo inasinthadi atabwerako komanso patapita nthawi yaitali bwanji. Akapeza kuti ambiri anadikira zaka asanakwezedwe, zaka zimenezo aziwerengere pamtengo wa digiriyo asanasankhe chaka chopitira.